Fulekisi Yakufa Musamathamangire Kuitaya

Ana anga amene mwayamba kugwira sipanala kuno kwa Kapichi, kaya munapita kusukulu ya ntchito zamanja kaya mukuphunzirira pambuyo pa mkulu wina ku esiteti, ntchito imene muziitanidwira kawirikawiri si yaikulu ayi. Ndi kapaipi kofewa kolukidwa ndi timawaya, kamene kamachoka pakhoma n'kukwera kukalowa kunsi kwa mpopi wa beseni, kaja timangoti fulekisi. Kusintha kwake sikutenga nthawi, ndipo aliyense wodziwa kumanga nati amadziona ngati watha kale ntchitoyo. Ambiri amamasula yakufayo, kuiponya kudzala osaiyang'ana n'komwe, n'kumanga yatsopano pamalo pomwepo, zonse zili m'mene zinalili. Ikapita miyezi, eni nyumba akutumizirani mwana kuti madzi adzazanso m'nyumba. Ine ndikuti fulekisi yakufa muziyamba mwaiunika musanakwere njinga kukagula ina, chifukwa pamene yatupira kapena kuphulikira ndi pamene pamakuuzani chimene chaipha. Mukapanda kuchotsa chimenecho, yatsopanoyo ifa imfa yomweyo.

Muyambe mwadziwa m'mene inapangidwira. M'kati muli kapaipi ka labala wakuda, ndipo ndi m'menemo mumadutsa madzi. Kunja kuli malukidwe a timawaya tating'onoting'ono, ndipo kumapeto konse kuwiri kuli kachitsulo kofinyidwa ndi makina kamene kamagwira labala ndi timawaya pamodzi, kenako nati. Zili ngati chubu ndi tayala la njinga: chubu chimasunga mpweya, koma chimene chimaletsa chubucho kufufuma mpaka kuphulika ndi tayala. Labala wa mu fulekisi payekha sangapirire mphamvu ya madzi a m'mipopi. Amapirira chifukwa timawaya tamukumbatira mbali zonse. Timawaya tikaduka pamalo amodzi, labala amatulukira pomwepo, n'kupanga kachotupa. Choncho mukaona fulekisi yatupa, dziwani kuti yatha kale, kwangotsala tsiku. Musauze mayi a pakhomo kuti mubwera Loweruka ndi ina, kapena kuti mwakulungapo labala wa njinga igwirako pang'ono. Tsekani madzi opita ku beseni limenelo nthawi yomweyo, ndipo muwafotokozere chifukwa chake.

Chifukwa chakecho n'chosavuta kuwaonetsa. Mukamasula fulekisi, lozetsani madzi a pa valavu ya pakhoma mu ndowa ya malita 20. Ngati yadzaza m'mphindi imodzi, ndiye kuti pa ola limodzi pangatuluke malita 1,200, amene ndi migolo isanu ndi umodzi ya malita 200. Fulekisi siyang'ana kuti anthu ali maso kapena apita kumaliro kwa masiku atatu. Vutoli si la kuno kokha. Ku Australia, kampani ya inshuwalansi ya IAG inapeza kuti pa madandaulo a nyumba zoonongeka ndi madzi amene inalandira mu 2016, okwana 22 pa 100 alionse anachokera ku timapaipi tolukidwa timeneti. Kumeneko ndi kwa anthu okhala ndi ndalama zogulira zabwino, nanga ife amene timagula chilichonse chimene tapeza pa shelefu?

Tsono itengeni yakufayo mupite nayo panja powala. Musaisisite ndi zala, timawaya toduka timabaya ngati singano. Idutsitseni m'kansalu kouma, ndipo pamene kansaluko kakodwa ndi pamene pali toduka.

Mukapeza timadontho tofiirira pa malukidwe, makamaka mbali imene inayang'ana pansi kapena kukhoma, ndipo timawaya tikuthothoka mukangotikhudza ndi sikuludiraiva, imeneyo yadyedwa ndi dzimbiri, ndipo ndiyo imfa yoyamba. Anyamata ambiri amadabwa, amati, "Nanga si analemba kuti ndi sitenilesi?" Sitenilesi sachita dzimbiri ndi madzi wamba, koma kolorini amamudya, ndipo waya wowonda ngati tsitsi safuna kudyedwa kwambiri kuti aduke. Mukatero tsegulani kakabati ka pansi pa beseni muone zimene akusungamo. Mupeza botolo la jiki losatseka bwino, mankhwala otsukira chimbudzi amene ena amakhala ndi asidi, mwinanso kachitini ka kolorini wa ufa. Chiyambire mliri wa kolera umene unabuka mu 2022, makomo ambiri amasunga kolorini, ndipo malo amene amaona kuti ana sangafikeko ndi m'kakabati komweko. Mpweya wa mankhwala amenewa umadzaza m'kabati yotseka. Ndiye muonjezepo chinyezi cha kuno ku Thyolo. M'nyengo ya chiperoni, paipi ya madzi ozizira imachita thukuta usana ndi usiku, timadonthoto timayamwa mpweya wa mankhwala uja n'kukhazikika pakati pa timawaya, pamene palibe amene amapukutapo. Fulekisi yofa chonchi mukaisintha koma mabotolo aja n'kuwasiya momwemo, mwangotaya ndalama za anthu. Auzeni mwaulemu: "Mayi, mankhwalawa tiwapezere pena pamwamba, poti ana sangafike, koma muno asamakhalemo." Ndipo wokolopa m'bafa asamathire madzi a jiki pa mapaipi.

Nthawi zina dzimbiri limakhala pamwamba penipeni, pansi pa nati ya ku mpopi, n'kumatsika ndi mzere. Pamenepo yang'anani mpopiwo. Madzi a sopo amadutsa pansi pa mpopi wosamangika bwino pa beseni, n'kumatsetsereka ndi fulekisi tsiku ndi tsiku. Mangani mpopiwo kaye.

Imfa yachiwiri ndi imene timaipha ife eni apulambala, ndipo ndi imene ndikufuna muimvetse kwambiri. Timawaya timakhala towala bwinobwino, popanda dzimbiri n'pang'ono pomwe, koma fulekisi yang'ambika pafupi ndi kachitsulo kofinyidwa kaja, kapena labala wasolokamo m'kachitsulomo. Yang'anani malukidwe ake. Pa fulekisi yomangidwa bwino, timawaya topita kumanja ndi topita kumanzere timapingasana mofanana kuyambira uku mpaka uku. Pa yopotoka, mbali imodzi imakhala yokokeka gwa, ina yatakasuka, moti mutha kuona labala wakuda pakati pake. Zimachitika pomanga: nati ikayamba kulimba imagwira kachitsulo ka m'kati, ndipo mukapitiriza kukoka sipanala, paipi yonse imazungulira nayo limodzi. Kuyambira tsiku limenelo theka la timawaya ndi limene likusenza katundu yense. Yofupika nayo imafa chimodzimodzi. Mnyamata wapeza ya masentimita 30 pamene pamafunika yotalikirapo, waikoka mpaka yafika, yaima njo ngati ndodo. Madzi akalowa ndi mphamvu, fulekisi imanenepa pang'ono n'kufupika pang'ono, ndipo ikakhala yokokeka kale, kukokana konseko kumathera pa kachitsulo ka kumapeto. Yopindidwa mwamphamvu pongochoka pa nati imathyokeranso pomwepo.

Imfa yachitatu siioneka pa fulekisi yokha, imafuna kuti mudziwe dziko limene mukugwiramo ntchito. Kuno kwathu ndi kwa zitunda ndi zigwa, ndipo m'maesiteti ambiri madzi amachokera m'thanki imene ili pamwamba pa chitunda, n'kumatsika okha kupita kunyumba. Lamulo lake ndi limodzi, muliloweze: mamita 10 alionse amene thanki yakwera pamwamba pa mpopi amapereka mphamvu ya pafupifupi baa imodzi. Kukula kwa thanki kulibe kanthu, chimene chimawerengedwa ndi kutalika kwa pamene ili. Nyumba ya pafupi ndi thanki imalandira baa imodzi kapena ziwiri, eni ake n'kumadandaula kuti madzi ndi ofooka, pamene ya kumunsi kwa chigwa, pa paipi yomweyo, ikulandira zisanu ndi imodzi kapena kuposa. Masana simungazindikire, chifukwa anthu akutunga m'njira monse ndipo mphamvu imatsika. Usiku mipopi yonse ikatsekedwa, mphamvu yonse ya chitunda imakhala pa fulekisi ya kumunsi. N'chifukwa chake zambiri zimaphulika anthu ali m'tulo. Ngakhale pa madzi a Southern Region Water Board ku boma kapena ku Luchenza, mphamvu ya usiku siifanana ndi ya masana.

Pamwamba pa zimenezi pali kugunda kwa madzi. Mipopi yamakono ya kachogwirira kamodzi imatseka kamodzin'kamodzi, madzi amene amathamanga aja n'kuima mwadzidzidzi, paipi n'kulira kuti gu! m'khoma. Kugunda kumeneko kumakweza mphamvu kwa kanthawi kochepa kuposa imene geji imaonetsa madzi ali phee. Madzi akabwera atasowa, mpweya umene unalowa m'mapaipi umachititsa mpopi kutsokomola ndi kulavula, ndipo mukayang'ana pansi pa beseni muona fulekisi ikudumphadumpha. Kutentha nako kumakalambitsa labala. Giza ya magetsi yoikidwa pa madigiri 60 ilibe vuto, koma boyila ya nkhuni, mgolo uja womangidwa m'ng'anjo kuseri kwa nyumba zakale za m'maesiteti, ilibe choiletsa. Wosonkha moto akakondwa, madzi amafika powira. Giza ya dzuwa mu Okutobala imachitanso chimodzimodzi. Mukadula fulekisi ya mbali yotentha n'kupeza labala wouma, wosweka timing'alu, kapena akusiya zakuda m'manja, ameneyo wapsa.

Ndikupatseni chitsanzo cha nyumba ina ya akapitawo, pa esiteti ina imene sindiitchula, kuti muone m'mene zinthuzi zimakumanirana. Fulekisi ya madzi otentha inaphulika usiku, ndipo inali isanathe ndi chaka chomwe. Inang'ambika chala chimodzi pansi pa kachitsulo ka kumtunda. Timawaya tinali towala, m'kabati munalibe mankhwala, choncho za dzimbiri tinazichotsa. Kamzere kofiira kolukidwa m'timawaya, kamene kamayenera kutsika kowongoka, kanali katazungulira paipiyo pafupifupi theka. Kuyeza kuchokera pa valavu ya pakhoma kufika pa mchira wa mpopi kunali masentimita 29, ndipo fulekisiyo inali ya 30. Inali yokokeka, inalinso yopotoka. Koma tisananene kuti tapeza, tinamanga geji pa mpopi wa panja. Masana inaonetsa baa zinayi ndi theka. Mamawa anthu asanayambe kutunga inaonetsa zisanu ndi imodzi, zimene zikugwirizana ndi thanki yokhala mamita ngati 60 pamwamba pa nyumbayo. Baa 6 pazokha sizipha fulekisi yabwino, chifukwa zabwino zimalembedwa kuti zimapirira 10. Koma yopotoka, yokokeka, ya mbali yotentha, pansi pa mpopi wotseka mwadzidzidzi, inalibe pothawira.

Tinachita zitatu. Tinaika mafulekisi a masentimita 45 mbali zonse ziwiri, chifukwa inzake ya madzi ozizira inamangidwa tsiku limodzi ndi dzanja lomwelo, ndipo kusiya imodzi n'kungodikira ulendo wina. Tinaika valavu yochepetsa mphamvu ya madzi pamene paipi ikulowa m'nyumba, patsogolo pa sitopukoko koma isanagawikane kupita ku giza, n'kuitchera pa baa zitatu, kuti madzi otentha ndi ozizira azifika pa mpopi ndi mphamvu yofanana. Chachitatu ndi chimene ambiri amaiwala. Madzi akatenthedwa amafufuma. Giza ya malita 150 ikachotsa madzi pa madigiri 15 kufika pa 60, amaonjezeka ndi malita awiri ndi kanthu. Kale madzi oonjezekawo ankabwerera m'mbuyo mu paipi yaikulu, koma valavu yochepetsa mphamvu imatseka njira yobwererayo. Ngati giza ilibe valavu yake yotayira madzi ofufumawo, kapena ilipo koma wina anaitseka ndi pulagi chifukwa inkadontha, mphamvu imakwera m'nyumba monse nthawi iliyonse giza ikayaka. Tinaonetsetsa kuti valavu imeneyo ilipo ndipo ikudonthera panja giza ikamatentha. Kudontha kumeneko ndi ntchito yake, musamakutseke ngakhale bwana atakuuzani kuti kukuononga khoma. Ikani kapaipi kopititsa madziwo kungalande.

Geji ndi chida chimene pulambala wa kumapiri kuno sayenera kukhala wopanda. Ya baa 10 kapena 16 yomangira pa mpopi wa panja ndi yokwanira. Ine ndimaiona yofunika kuposa foni yodula imene ambiri a inu mumayamba kugula mukalandira malipiro oyamba.

Tsopano za kugula. Pitani ndi yakaleyo m'thumba, ndi muyeso wolembedwa papepala, chifukwa wogulitsa mu hadiweya ya ku Luchenza kapena ku Limbe adzakupatsani chimene ali nacho, osati chimene beseni likufuna. Mazinga ake ndi amene amasokoneza ongoyamba. Mpopi wamba wa beseni, uja woima pawokha wina wotentha wina wozizira, uli ndi mchira wa hafu inchi. Koma mukayeza mazinga a hafu inchi ndi tepi mupeza mamilimita pafupifupi 21, osati 13, choncho musaganize kuti mwalakwitsa. Mavalavu ena a pakhoma amatulutsa mazinga ocheperapo, a mamilimita pafupifupi 17, amene pa paketi amalemba 3/8. Mpopi wosakaniza madzi wa bowo limodzi uli ndi zake: fulekisi yake ili ndi kamutu kachimuna kowonda kokhala ndi timphete ta labala, kamene kamalowa m'thupi la mpopi, ndipo kawirikawiri amalemba M10, ngakhale ilipo ina ya M8 ndi M12. Nati ikakana kulowa ndi zala pa mazinga awiri oyamba, si yake. Musaikakamize ndi sipanala.

Utali wake uziposa muyeso wanu ndi masentimita ngati khumi kapena khumi ndi asanu, kuti ikhale ndi kakhota kofatsa. Yotalika kwambiri imene ikuchita kukulungidwa kawiri n'kumakhula pa paipi yotaya madzi siyabwinonso, koma pakati pa yotalikirapo ndi yofupikirapo, tengani yotalikirapo. Kulumikiza ziwiri zifupizifupi ndi nipo pakati n'kuchulukitsa malo odonthera.

Ubwino wake umaoneka m'manja. Nyamulani ziwiri muyerekeze kulemera. Nati ya bulasi imalemera, ndipo mukayang'ana m'kati mwa mazinga kapena kukanda pang'ono mumaona chikasu. Ya chitsulo chopepuka chotuwa imaoneka yokongola pa shelefu, koma imang'aluka, nthawi zina patapita masabata mutamanga, popanda woikhudza. Pindani fulekisiyo pang'ono: ngati labala akuonekera pakati pa timawaya, malukidwewo ndi osakwanira. Maginito amathandiza koma musawakhulupirire kotheratu. Akakakamira mwamphamvu, amenewo ndi mawaya a chitsulo wamba chokutidwa, ndipo chinyezi cha kuno chiwadya msanga. Koma akapanda kugwira sizitanthauza kuti ndi sitenilesi, chifukwa aluminiyamu nayenso sagwira maginito. Wa aluminiyamu amakhala wotuwa mosawala, wofewa, wopepuka, ndipo amakandika ndi kampeni mosavuta. Kenako werengani pa kachitsulo kofinyidwa kapena pa kapepala. Wopanga wodzidalira amadindapo dzina lake, mphamvu imene imapirira monga PN10, madigiri ake monga 70 kapena 90, ena amaikaponso chaka ndi nambala ya muyezo wa ku Ulaya wa timapaipi timeneti, EN 13618. Zodinda zikhoza kukhala zabodza, inde, koma imene palibe cholembedwa chilichonse ndiye kuti ngakhale woipanga sanafune kudziwika nayo. Za kamzere kofiira ndi kabuluu, ndi chizindikiro chabe chokuthandizani kusiyanitsa mbali. Chimene chimanena ngati ingapirire madzi otentha ndi madigiri olembedwawo.

Pali nyumba zina zimene vuto lake ndi losiyana: thanki ili pa nsanja ya mamita anayi kapena asanu kuseri kwa nyumba, mphamvu yake siifika ndi theka la baa. Kumeneko fulekisi siphulika kawirikawiri, koma ya bowo laling'ono, imene amalemba DN8, imachepetsa madzi mpaka eni nyumba kumati mwawaonongera mpopi. Suzumirani m'bowo musanagule, musankhe yotakata. Ndipo kumene madzi otentha akuchokera ku boyila ya nkhuni, ine ndimakonda kukwera ndi paipi ya kopa mpaka ku mpopi, fulekisi osaikapo n'komwe. Ndi ntchito yochedwerapo, koma simudzabwererako.

Pomanga, yambani ndi kutseka kavalavu ka pakhoma, n'kutsegula mpopi kuti muone ngati madzi aimadi. Timavalavu timeneti timakhala zaka osakhudzidwa, ndipo tambiri timakana kutseka kapena timangozungulira. Kakatero, tsekani ku sitopukoko, ndipo ngati ndi mbali yotentha zimitsani giza kaye, kuti ingatsale yopanda madzi magetsi ali oyaka. Kavalavu kokanako kasintheni tsiku lomwelo. Beseni limene lilibiretu kavalavu, muikepo, chifukwa tsiku la ngozi ndi kamene mwana wa sukulu angathe kutseka.

Pomasula nati yakale, gwirani thupi la valavu ndi sipanala yachiwiri. Maesiteti a kuno ndi akale, Satemwa inayamba mu 1923, ndipo m'nyumba zambiri za m'minda ya tiyi mukadali mapaipi a galavanaizi amene anakwiriridwa m'khoma makolo anu asanabadwe. Mukakoka ndi sipanala imodzi, chimene chingagonje si nati ayi, ndi mazinga odyeka a m'khomamo, ndipo ntchito ya mphindi zochepa isanduka yogumula matailosi. Mukachotsa, tsegulani madzi pang'ono mu ndowa kuti dzimbiri ndi mchenga zituluke, zingakatseke kasefa ka kukamwa kwa mpopi. Kenako pitani ndi chala pa mlomo wa valavu. Uyenera kukhala wafulati, wosalala. Mlomo wakuthwa, monga wa nipo yodulidwa ndi sowo, umacheka kawasha m'malo mokafinya.

Apa ndi pamene ndimakangana ndi anyamata ambiri: tepi yoyera pa nati ya fulekisi musaikepo. Chimene chimatseka madzi ndi kawasha ka labala kali m'kati mwa nati, kakafinyika pakati pa milomo iwiri. Mazinga ntchito yake ndi kukoka basi. Mukakulunga tepi, nati imalimba isanafike pofinya kawasha, inu n'kumaona ngati mwamanga, koma ikudontha. Mukatero mumaonjeza mphamvu, nati n'kung'aluka. Tepi malo ake ndi pa mazinga a valavu olowa m'khoma. Onani kuti kawasha kalimo ndipo kakhala bwino, chifukwa kamagwa m'thumba pobwera, ndipo kakale musakabwezeremo.

Ngati fulekisi ili ndi mbali imodzi yosazungulira payokha, monga kamutu kolowa mu mpopi wosakaniza, yambani ndi imeneyo, paipi yonse ikuzungulira momasuka. Nyowetsani timphete take ndi madzi, mangani ndi dzanja lokha mpaka kafike, osagwiritsa pulayazi. Nati yozungulira payokha ndiyo yomalizira. Imangeni ndi zala mpaka mumve kuti yakhudza kawasha, kenako sipanala kota ya kuzungulira, mukachulutsa theka. Pamene mukukoka sipanala, dzanja linalo ligwire kachitsulo kofinyidwa kuti paipi isatsatire, maso ali pa kamzere kaja kuti kakhalebe kowongoka. Pulayazi isagwire pa timawaya ngakhale pang'ono. Mukamaliza, ikankheni ndi chala chapakati pake. Iyenera kugwedera momasuka, ichoke pa nati mowongoka kwa zala ziwiri kapena zitatu isanayambe kukhota, ndipo isakhule pa khoma, pa mphepete mwa kabati kapena pa inzake.

Tsegulani madzi pang'onopang'ono mpopi uli wotsegula, mpweya utuluke, kenako tsekani mpopi kuti mphamvu ikwere. Pukutani paliponse paume, n'kukulunga kapepala kofewa pa nati iliyonse ndi pa kachitsulo kofinyidwa. Chala chimanama chifukwa chitsulo chozizira chimamveka ngati chonyowa, koma pepala limaonetsa ngakhale kadontho kamodzi. Pakadontha pa nati, onjezani pang'ono chabe. Pakapitirira, masulani muone kawasha, osalimbana nayo. Pakadontha pa kachitsulo kofinyidwa, imeneyo inabwera yoonongeka, ibwezeni kumene munagula. Thamangitsani madzi otentha kwa kanthawi, muyang'anenso, ndipo musanyamule zida nthawi yomweyo. Khalani pang'ono, mulandire kapu ya tiyi ngati akupatsani, muonenso pepala lija musanatsanzike. Kunyumba ya kuchigwa, apempheni asiye beseni louma la pulasitiki pansi pake usiku woyamba, adzaone mamawa.

Lembani mwezi ndi chaka pa khoma la m'kati mwa kabati. Opanga ambiri ndi a inshuwalansi amalangiza kusintha mafulekisi pakati pa zaka zisanu ndi khumi ngakhale akuoneka abwino, ndipo kumbali yotentha kapena kunyumba ya mphamvu yambiri ine ndimatsamira ku zisanu. Itanani amene amakhala pakhomo masana, kaya ndi mayi, kaya wantchito, muwagwiritse kavalavu ndi dzanja lawo, atseke, atsegule, muwaonetsenso pamene pali sitopukoko. Auzeni kuti akamachoka kwa masiku azitseka, ndipo kawiri pachaka aziunika pansipo ndi tochi ya foni.

Zidzachitika kuti mwaitanidwa madzulo cha ku Khonjeni, hadiweya yapafupi ili ndi zopepuka zokhazokha, ndipo bwana akukakamira kuti madzi atuluke lero lomwe chifukwa kukubwera alendo. Muziyenda ndi kapu ya hafu inchi ndi kawasha kake m'bokosi. Tsekani nayo mlomo wa valavu ya beseni limenelo, tsegulani madzi a nyumba yonse kuti kukhitchini ndi kuchimbudzi kuziyenda, alendowo asambe m'manja ndi jagi usiku umodzi, inu mudzabwere mawa ndi fulekisi yoyenera yochokera ku Limbe.